Dzanja la zala 6 pa positala: mmene amakonzera malo amodzi popanda kupanganso chithunzi chonse

Masiku ano munthu wogulitsa kachewere pa Lizulu kapena pa mphambano ya ku Tsangano akhoza kupeza chithunzi chotsatsira malonda ake popanda kuitana wojambula ndi kamera. Mnyamata wa laputopu pa boma la Ntcheu amalembera makina opanga zithunzi mawu ochepa, ndipo pakangopita kamphindi pamatuluka mayi wovala chitenje atanyamula ndowa yodzaza kachewere, kumbuyo kwake kuli mapiri ndi msewu wa M1. Chithunzi chimakhala chokongola ndithu, koma mukachiyang'anitsitsa mumapeza kuti dzanja lina lili ndi zala 6.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Amauza makina kuti akonze dzanjalo, koma chimene chimabwera ndi mayi wina, nkhope ina, chitenje china, ndowa nayo yasanduka dengu. Mwini malonda amene anali atavomereza kale chithunzi choyamba amafunsa modabwa kuti, "Achimwene, ine ndimati mukonze chala basi. Nanga mayi aja apita kuti?" Funsoli n'lomveka, ndipo yankho lake lili pa njira ina yogwirira ntchito imene pa sikirini imalembedwa kuti Inpaint, kapena Generative Fill mu Photoshop. Ine ndiziitchula kuti kuika chigamba, chifukwa zimene zimachitika n'zofanana ndi zimene telala amachita chitenje chikaboka pamalo amodzi: sataya nsalu yonse, amadula pobokapo n'kusokerapo kansalu kogwirizana ndi maluwa a m'mbali.

Chigamba chinayambira kuti

Ntchitoyi ndi yakale kuposa makompyuta. Akatswiri osamalira zithunzi zakale zopentedwa ankadzaza ndi penti malo amene asupuka, osakhudza pamene pali bwinobwino. Mu 2000, akatswiri anayi, Marcelo Bertalmio, Guillermo Sapiro, Vicent Caselles ndi Coloma Ballester, anaonetsa njira yoti kompyuta izichita zomwezo. Njira yawo inkakokera mitundu ndi mizere ya m'mphepete mwa bowo kulowa mkati. Inkathandiza pa timikwingwirima ndi timabowo ting'onoting'ono, koma pa bowo lalikulu inkangosiya chinthu chosaoneka bwino ngati chopakapaka.

Mu 2010 Photoshop inabweretsa Content-Aware Fill, imene imafufuza tizidutswa tofanana pena paliponse m'chithunzicho n'kutikopera pabowo. Imeneyi imachotsa bwino waya wa magetsi pa mtambo kapena chitsotso pa udzu. Koma singakupatseni dzanja labwino, chifukwa imangobwereka zimene zilimo kale m'chithunzi, ndipo dzanja loyenera mulibemo.

Zinthu zinasintha mu 2022 pamene kunatuluka DALL·E 2 ndi Stable Diffusion. Makina amenewa anaphunzira pa zithunzi zankhaninkhani, choncho akhoza kujambula pabowo chinthu chatsopano chimene munalibe m'chithunzi. Mu Okutobala chaka chomwecho kunatuluka mtundu wa Stable Diffusion wophunzitsidwa mwapadera kudzaza mabowo, ndipo mu Meyi 2023 Photoshop inayamba kuyesa Generative Fill. Chigamba chimene tikukamba pano n'cha mtundu wachitatuwu.

Chifukwa chake dzanja ndi limene limakonda kulakwika

Musanayambe kukonza, ndi bwino kumvetsa chimene chinalakwitsa, chifukwa ndi chomwecho chimene chimalepheretsa anthu ambiri akamayesa kukonza.

Chithunzi cha pa kompyuta n'chopangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiseli. Tiyerekeze kuti positala ya kachewere ija ndi ya mapikiseli 1024 m'lifupi ndi 1536 m'litali. Stable Diffusion sijambula pa mapikiseli amenewa mwachindunji. Imayamba yachepetsa chithunzi maulendo 8 mbali iliyonse, n'kugwira ntchito pa timabokosi 128 m'lifupi ndi 192 m'litali, kenako pomaliza imachikulitsanso. Kabokosi kamodzi kamaimira malo a mapikiseli 8 kwa 8.

Tsopano taonani dzanja la mayi uja. Ngati waima patali pang'ono kuti thupi lonse lioneke, dzanja lake likhoza kukhala la mapikiseli 90 kwa 120. Pa timabokosi tija, ndi malo a timabokosi 11 kwa 15 basi. Chala chimodzi cha mapikiseli 12 m'lifupi chimapeza kabokosi kamodzi ndi theka. M'kamalo kotero makina ayenera kukwanitsamo zala, mipata ya pakati pa zala, zikhadabo ndi mkombero wa ndowa umene zala zagwira. Kuwonjezera apo, makinawa sawerenga kuti chimodzi, ziwiri, zitatu. Anangozolowera kuti pambali pa chala pamakhala chala china, ndiye nthawi zina amapitiriza kupyola pamene amayenera kulekezera. N'chifukwa chake nkhope yaikulu yapafupi imatuluka bwino, koma manja, mano, maso a munthu wapatali ndi zilembo zing'onozing'ono n'zimene zimavuta.

Musunge nambala ya kabokosi kamodzi ndi theka ija, tiifunanso kutsogoloku.

Masiki: kuuza makina pamene aloledwa kugwira

Chinthu choyamba pa chigamba chilichonse ndi masiki. Mumatenga bulashi ya pa sikirini n'kupaka pamalo pamene mukufuna kuti pasinthe. Kuseri kwake pulogalamu imapanga chithunzi chachiwiri cha mitundu iwiri yokha: m'mapulogalamu ambiri poyera ndi pololedwa kusintha, pakuda ndi poletsedwa. Popanda masiki, makina alibe malire, ndipo ndi mmene mayi wa pa chithunzi choyamba uja amasowera.

Cholakwika chimene oyamba kumene amachita kwambiri ndi kupaka mwaumbombo. Munthu amaona chala chowonjezeracho n'kupaka pa chala chokhacho, poganiza kuti akapaka pang'ono ndiye kuti chithunzi chisungika bwino. Koma makina amayang'ana zimene zatsala m'mbali mwa masiki kuti adziwe choika mkati. Akaona tsinde la chala pa chikhatho kumbali ino, chithunzithunzi cha chala pa ndowa kumbali inayo, ndiponso mpata wooneka ngati chala, amangojambulapo chala china. Inu mumaona ngati makina sakumva, chonsecho ndi masiki yanu imene yawauza kuti pamenepa pakhale chala.

Choncho masiki iphimbe dzanja lonse kufika pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono, iphimbenso chithunzithunzi chimene dzanjalo lagwetsa pa ndowa, ndi kampata ka mapikiseli 15 kapena 20 kuzungulira. Pa chitsanzo chathu, dzanja la 90 kwa 120 lifuna masiki ya pafupifupi 130 kwa 160. Telala nayenso sadula m'mphepete mwenimweni mwa bowo, amadula mpaka pamene nsalu ili yolimba.

Malo odulira nawonso ndi ofunika kusankha. Msoko umabisika bwino pamene pali kale malire, monga pamathero a mkono wa bulauzi kapena pa chibangiri. Ukadutsa pakati pa khungu losalala, kusiyana kwa mtundu kumaonekera msanga. Pa maluwa a chitenje pamavuta kuposa pena paliponse, chifukwa makina sakopera maluwa amene alipo, amajambula ofanana nawo, ndipo munthu wozolowera zitenje amaona nthawi yomweyo kuti apa maluwa aduka. Ngati n'kotheka, masiki isafike pa chitenje.

Pali kachinthu kena kolembedwa Mask blur, kamene kamafewetsa m'mphepete mwa masiki kuti chakale ndi chatsopano zilowerane. Mu AUTOMATIC1111, pulogalamu yaulere yotchuka yoyendetsera Stable Diffusion, kamayambira pa 4. Pa chithunzi cha mapikiseli 1024 kupita m'mwamba, 8 mpaka 12 amakonda kuchita bwino. Mukakasiya pa 0 mumaona mzere wakuthwa kuzungulira chigamba. Mukakakweza kwambiri masiki ili yothina, chala chakale chija chimaonekera mwa chizimezime pansi pa chatsopano.

Kodi makina aiwale zochuluka bwanji?

Chachiwiri, chimene ine ndimachiona kuti n'chofunika kuchimvetsa kuposa zonse, ndi nambala yolembedwa Denoising strength. Imayambira pa 0 kufika pa 1.

Makinawa amapanga chithunzi poyambira pa timadontho tosokonekera topanda tanthauzo, n'kumatiyeretsa pang'onopang'ono, sitepe ndi sitepe, mpaka chithunzi chitaoneka. Poika chigamba amayamba abwerera m'mbuyo: amathira timadontho tosokonekera tija pamalo a masiki, kenako n'kuyeretsanso. Nambala ija imanena kuchuluka kwa timadontho tothiridwa. Pa 0 sathira kanthu, ndiye palibe chosintha. Pa 1 amafafaniziratu zonse zinali pamenepo n'kuyambiranso. Pa 0.5 amabwerera theka la ulendo, moti ngati munaika masitepe 30, makina amayenda pafupifupi 15 omalizira okha.

Masitepe oyambirira ndi amene amakhazikitsa kaumbidwe ka chinthu, pamene omalizira amangosalaza ndi kuika tizinthu ting'onoting'ono. Mukadziwa zimenezi mukhoza kuneneratu zimene zituluke. Pa 0.2 kapena 0.3 mupeza dzanja lomwelo la zala 6, koma losalala bwino ndi zikhadabo zooneka bwino, chifukwa makina sanabwerere patali mokwanira kuti aiwale kaumbidwe. Pa 0.75, pamene AUTOMATIC1111 imayambira, makina amaiwala zambiri. Nthawi zina amabweretsa dzanja labwino, koma nthawi zina dzanja limatembenuka, limasiya kugwira ndowa, kapena pamalopo pamabwera mbatata ina. Pakati pa 0.4 ndi 0.6 ndi pamene kaumbidwe kamasintha pang'ono koma dzanja n'kukhalabe pamalo ake.

Vuto ndi lakuti chala chowonjezera ndi nkhani ya kaumbidwe. Kuti makina achichotse okha, amafunika nambala yokwera, imene imaika china chilichonse pachiswe. Njira imene odziwa ntchitoyi amatsata ndi kuwathandiza ndi dzanja. Mumatsegula chithunzi mu pulogalamu wamba yojambulira, monga GIMP, Krita kapena Photopea, n'kutenga mtundu wa ndowa pambali pa chalacho, n'kupaka pa chala chowonjezera kuti chisowe. Musade nkhawa kuti zikuoneka ngati wapaka mwana wa sitandade 1. Chofunika n'chakuti tsopano pali zala 5 ndi mtundu woyenera pamalo oyenera. Kenako mumaika chigamba pa 0.45 kapena 0.5, ndipo ntchito ya makina imangokhala yosalaza zimene mwawaonetsa kale.

Pambali pa nambalayi pali posankha polembedwa Masked content. Mukasankha original, makina amayambira pa zimene zili pansi pa masiki, ndipo ndi zimene mukufuna pokonza dzanja. Mukasankha fill, amayamba adzaza malowo ndi mitundu ya m'mbali, zimene zimathandiza pofuna kuchotseratu chinthu. Zina ziwiri, latent noise ndi latent nothing, zimafuna nambala yoyandikira 1, apo ayi pamatuluka zinyalala zamitundumitundu.

Kuyandikitsa dzanja kuti makina alione bwino

Tibwerere ku kabokosi kamodzi ndi theka kaja. Mukapaka masiki yabwino n'kusankha nambala yabwino, koma makina n'kumagwirabe ntchito pa chithunzi chonse, chala chikhalabe ndi malo ochepa omwe aja, ndipo mwayi wolakwitsanso ndi waukulu. Anthu ena amayesa kambirimbiri n'kumaliza bandulo, osadziwa kuti vuto lili apa.

Polembedwa Inpaint area pali zosankha ziwiri. Whole picture imatumiza chithunzi chonse. Only masked imadula kachigawo kozungulira masiki, kukakulitsa kufika pa kukula kumene mwaika, kujambula pamenepo, kenako kukachepetsanso n'kukamata pamalo pake. Kuchuluka kwa malo ozungulira amene amatengedwa kumaikidwa pa Only masked padding, pixels, pamene pamayambira pa 32.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Masiki yathu ndi ya mapikiseli 160 m'litali. Tikawonjezera 32 m'mwamba ndi 32 m'munsi tikupeza 224. Kachigawo aka kakakulitsidwa kufika pa 1024, ndiye kuti kakula maulendo 4 ndi theka. Chala cha mapikiseli 12 chija tsopano ndi cha pafupifupi 55, amene ndi timabokosi pafupifupi 7. Kuchoka pa kamodzi ndi theka kufika pa 7, makina ali ndi malo okwanira ojambulira mfundo za chala ndi chikhadabo.

Koma pali mtengo wake. Makina amaona zokhazo zimene zili m'kachigawo kodulidwako. Pa 32 saona mkono wonse, saona kumene dzuwa likuchokera, saonanso nkhope kuti adziwe mtundu wa khungu. Zotsatira zake zikhoza kukhala dzanja lojambulidwa bwino koma losagwirizana ndi mwini wake: loyererapo kuposa mkono, lowala kumbali yolakwika, kapena la kumanja pa mkono wa kumanzere. Mukakweza nambalayo kufika pa 96, kachigawo kamakhala ka mapikiseli 352, kamakula pafupifupi katatu, ndipo chala chimapeza timabokosi 4 ndi kena pang'ono. N'kochepa poyerekeza ndi 7, komabe n'kokwanira, ndipo tsopano makina akuona mkono ndi ndowa. Palibe nambala imodzi yoyenera paliponse. Mukufuna kuyandikira mokwanira kuti tizinthu ting'onoting'ono tituluke, koma osati mpaka makina asadziwe kuti dzanjali ndi la ndani.

Photoshop sikuonetsani manambala onsewa. Mumangosankha malo, kulemba mawu kapena kusiya osalemba, ndipo imakupatsani mitundu itatu yosankhapo. Koma mfundo ndi yomweyo: kukula ndi kaumbidwe ka malo amene mwasankha n'zimene zimalamulira kwambiri chotuluka.

Mawu olembera makina

Apa sipofunika kutalikitsa. Mukasankha Only masked, musasiye mawu akale aja ofotokoza mayi, msika, mapiri ndi msewu. Makina amayesa kukwaniritsa mawu onsewo m'kachigawo kamene akuona, ndipo pa nambala yokwera mukhoza kupeza kankhope kakang'ono katamera pa dzanja. Lembani zokhazo zimene zili m'kachigawoko. Makina ambiri amamva bwino Chingerezi, ndiye mawu akhoza kukhala otere:

```
left hand of a Malawian woman gripping the rim of a metal bucket, dark brown skin, daylight, photo
```

Osalemba kuti achotse chala chachisanu ndi chimodzi. Makina a mtundu uwu samva lamulo lotero, amangotola mayina a zinthu, ndipo mukatchula chala mwawakumbutsa chala. Mtundu wa khungu muutchule ndithu, chifukwa mukapanda kutero dzanja likhoza kubwera loyererapo.

Positala ya kachewere kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tiike zonse pamodzi. Mnyamata uja amayamba wasunga chithunzi choyambirira padera, cha mtundu wa PNG, osachikhudzanso. Ngati mwini malonda ndiye ali nacho pa foni, achitumize pa WhatsApp ngati Document, chifukwa chikatumizidwa ngati chithunzi wamba chimapanikizidwa n'kutaya tizinthu ting'onoting'ono. Pa kope yachiwiri amapaka chala chowonjezera ndi mtundu wa ndowa, amapaka masiki pa dzanja lonse ndi chithunzithunzi chake, kenako amaika motere:

```
Mask blur: 8
Masked content: original
Inpaint area: Only masked
Only masked padding, pixels: 96
Width / Height: 1024 / 1024
Denoising strength: 0.5
Batch count: 4
```

Kukula kwa 1024 n'kwa makina a SDXL, mtundu wina wa Stable Diffusion umene unatuluka mu Julayi 2023. Stable Diffusion 1.5 inaphunzira pa 512, ndipo mukaipatsa 1024 imakonda kubwereza zinthu kawiri. Mzere womalizawo ukupempha mitundu inayi nthawi imodzi, chifukwa chotuluka chimadaliranso nambala yamwayi yolembedwa Seed, ndipo mwa inayi pamakonda kupezeka umodzi woyandikira.

Tinene kuti woyamba wabweza chala chija, wachiwiri zala ziwiri zamatana, wachitatu uli ndi zala 5 zabwino koma chala chachikulu chafupika, wachinayi dzanja ndi labwino koma mkombero wa ndowa wapindika. Wachitatu ndiye woyenera kutenga. Amapakanso masiki yaing'ono pa chala chachikulu chokha n'kutsitsa nambala kufika pa 0.4. Ngati inayi yonse ikanabweza chala, chikanakhala chizindikiro chakuti masiki yasiya chotsalira kapena nambala yachepa. Ngati inayi yonse ikanasintha kagwiridwe ka ndowa, ndiye kuti nambala yakwera kwambiri. Muzisintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, Seed ili yomweyo, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Poyang'ana chotuluka, musamangowerenga zala. Onani ngati chala chachikulu chili kumbali yoyenera, ngati dzanja likufanana kukula ndi linzake, ngati mkombero wa ndowa ukulowa mbali ino ya dzanja n'kutulukira mbali inayo pa mzere umodzi. Palinso cholakwika china chimene ambiri sachiyembekezera: chigamba chimatha kukhala chakuthwa kuposa chithunzi chonse, popeza chinajambulidwa chitakulitsidwa. Dzanja limaoneka ngati lomata. Mankhwala ake ndi kulifewetsa pang'ono kwambiri mu pulogalamu yojambulira. Yang'anani kawiri, poyamba mutakulitsa kwambiri, kenako mutachepetsa ngati mmene chidzaonekere pa foni, chifukwa kusiyana kwa mtundu wa khungu kumaonekera bwino chithunzi chikakhala chaching'ono.

Kukulitsa chithunzi kuti chikapulintidwe kubwere pambuyo pa zonsezi. Positala ya A3 pa madontho 150 pa inchi imafuna mapikiseli pafupifupi 1754 kwa 2480, ndipo msoko umene sunkaoneka pa foni umaonekera papepala. Ndi bwino kupulinta kachidutswa ka dzanja kokha pa pepala wamba musanalipire positala yonse.

Kodi kwinako sikunasinthedi?

Funso ili n'lofunika kwa mwini malonda amene anavomereza nkhope ndi mtundu wa katundu wake. Kuchepetsa chithunzi maulendo 8 n'kuchikulitsanso kuja sikubweza mapikiseli ndendende mmene analili. Mitundu imasuntha pang'ono ndipo tizinthu ting'onoting'ono timasalala. Mapulogalamu ena, monga AUTOMATIC1111, amabwezeretsa okha mapikiseli oyambirira kunja kwa masiki, ndipo Photoshop imaika chigamba pa leya yakeyake, ngati pepala loonekera mkati loyalidwa pamwamba pa chithunzi. Ena sachita zimenezi pokhapokha mutawakonzera. Mapulogalamu ena ongolembera mawu pa foni amapanganso chithunzi chonse ngakhale mutaloza malo amodzi, n'kuyesetsa kuchifananitsa ndi chakale. Ulendo umodzi simungaone kusiyana, koma mukakonza kasanu motsatizana nkhope imakhala itasintha ndipo mitundu yafifia.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Ikani chithunzi chakale ndi chatsopano pa maleya awiri mu GIMP kapena Photopea, n'kusintha leya yapamwamba kuti ikhale pa Difference. Pamene sipanasinthe pamada bii, ndipo pamene pasintha pamawala. Ngati pawala pa dzanja pokha, chigamba n'chenicheni. Ngati nkhope ndi mapiri zikuonekera mwa chizimezime, chithunzi chonse chakhudzidwa. Zikatero sikuti ntchito yaonongeka: dulani dzanja latsopano lokha ndi bulashi yofewa m'mphepete n'kulimata pa chithunzi choyambirira chija munasunga.

Pamene chigamba sichithandiza

Zilembo musaziikire chigamba. Dzina la bizinesi, mtengo ndi nambala ya foni zilembedwe ndi zilembo zenizeni mu pulogalamu yokonzera mapositala, pomalizira penipeni. Makina atsopano ayamba kulemba bwinoko mawu a Chingerezi, komabe chilembo chimodzi chikasowa pa mawu akuti kachewere kapena nambala imodzi ikasintha, positala yonse ndi yotaya. Chimodzimodzi katundu amene ali ndi chizindikiro chake, monga botolo la uchi kapena paketi ya ufa wa soya. Mjambuleni ndi foni n'kumumata pa chithunzi, ndipo chigamba chigwire ntchito pa chithunzithunzi chapansi ndi zala zomugwira basi.

Chigamba sichikonzanso chithunzi chimene chalakwika pa maziko. Ngati mkono wachokera pamalo olakwika, kapena dzuwa likuwala mbali ziwiri, kapena malo ofunika kukonza akwana theka la chithunzi, kupanga china kumafulumira kuposa kusoka zigamba pa zigamba.

Mafunso amene adakalipo

Loyamba ndi malire a pakati pa kukonza ndi kunamiza. Kuchotsa chala chowonjezera sikusintha kanthu pa malonda. Koma bulashi yomweyo ikhoza kukulitsa kachewere, kuchotsa timabala pa tomato kapena kudzaza ndowa kuposa mmene imadzazira pa msika. Ena amati wogula aliyense amadziwa kuti chithunzi chotsatsira malonda chimakometsedwa, ndipo pa Lizulu amaona katundu ndi maso asanalipire. Ena amati wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre woitanitsa pa foni amadalira chithunzicho, ndipo malamulo oteteza ogula, amene bungwe la CFTC limayang'anira, amaletsa kutsatsa konamiza. Pamene kukometsa kumathera n'kuyamba kunamiza pa chithunzi chimene sichinajambulidwe n'komwe ndi kamera, anthu sanagwirizane.

Lachiwiri ndi umwini. Ku America, ofesi yoona za umwini wa ntchito zaluso imati chithunzi chongotuluka m'makina sichitetezedwa, koma mbali imene munthu waikapo luso lake ikhoza kutetezedwa. Kumayambiriro kwa 2025 ofesiyi inalembetsa chithunzi china chimene mwini wake anachiika zigamba zambiri za mtundu uwu, poona kasankhidwe ndi kasanjidwe kake. Kuno tili ndi lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016 ndi bungwe la COSOMA. Nanga wamalonda wa pa Bembeke akakopera positala ya mnzake wa pa Lizulu n'kungosintha dzina, wodandaula ndi ndani: mwini malonda amene analipira, kapena mnyamata amene anakhalira usiku kukonza dzanja? Ndipo ndi zigamba zingati zimene zimasandutsa chithunzi cha makina kukhala ntchito ya munthu?

Lachitatu ndi la luso lenilenilo. Mapulogalamu atsopano akulowera kongouzidwa ndi mawu, popanda masiki kapena manambala, ndipo kwa munthu amene ali ndi foni yokha imeneyi ndi njira yapafupi. Opanga mapulogalamuwa akuyesetsa kuti kwinako kusamasinthe. Amene amagwira ntchito ndi masiki amayankha kuti bola malire amene wajambula wekha ndipo ukhoza kuwatsimikizira pa Difference. Sizinadziwike ngati njira ya mawu idzafika posunga pikiseli iliyonse kunja kwa malo okonzedwa, kapena ngati wokonza mapositala pa Ntcheu adzafunikabe kuphunzira kupaka masiki zaka zisanu zikubwerazi.